Sola ya m'nyumba: momwe mungaigwiritsire ntchito batire osafa msanga

Malangizo awa ndi a inu amene mwangoika sola yoyatsira magetsi m'nyumba, ya mtundu womwe uli ndi zinthu zinayi: sola yeniyeniyo ya padenga, imene ena amaitcha panelo, batire lalikulu lokhala pansi, kabokosi kotchedwa kontirola, ndi mababu pamodzi ndi potchajira foni. Ndakhala ndikuika ndi kukonza zida zimenezi m'makwalala a Bangwe, Ndirande, Machinjiri ndi Chilobwe, ndipo dandaulo limene ndimamva kawirikawiri ndi limodzi: "Poyamba magetsi ankafika m'mawa, pano akuzima tisanadye n'komwe." Munthu akatero maso ake amakhala ali padenga, koma vuto nthawi zambiri limakhala pansi. Sola ya padenga ikakhala yabwino imatha zaka 20 ikugwira ntchito. Chimene chimafa ndi batire, ndipo mtengo wake ndi umene umapweteka kwambiri m'thumba.

Ndi batirelo tikambirane, chifukwa mukalidziwa bwino, zina zonse zimabwera zokha.

Munda, nkhokwe ndi wosunga nkhokwe

Sola ya padenga ili ngati munda. Imakolola mphamvu dzuwa likawala basi, ndipo siisunga kalikonse. Batire ndiye nkhokwe: zimene zakololedwa masana zimalowa mmenemo, usiku n'kumatapamo. Kontirola ndi wosunga nkhokweyo. Nkhokwe ikadzaza amaletsa kuthiramo zina, chifukwa batire lotchajidwa mopitirira limatentha, limauma, mwinanso kutupa. Ikatsala pang'ono kutha amatseka chitseko, magetsi onse n'kuzima. Anthu ambiri magetsi akazima chotere amati kontirola yawonongeka. Sinawonongeke ayi, yagwira ntchito imene munaigulira.

Mabatire ambiri amene tili nawo ndi olemera aja, okhala ndi mtovu ndi asidi m'kati. Khalidwe lawo ndi lakuti safuna kupungulidwa mpaka pansi. Mukamatapa theka lokha n'kusiya theka linalo, batire limatha zaka zingapo. Mukamalikokolola usiku uliwonse, kapena kulisiya masiku ambiri lili lopanda moto, pazitsulo za m'kati mwake pamamera zoyera zouma zimene sizisungunukanso. Malo osungira mphamvu amachepa tsiku ndi tsiku. Kunja batire likuoneka lomwe lija, koma m'kati nkhokwe yasanduka kadengu. N'chifukwa chake batire lakufa limaonetsa kuti ladzaza pofika 10 koloko m'mawa, kenako n'kutha pasanathe ola limodzi madzulo. Kudzaza msanga kotere si nkhani yabwino.

Ngati yanu ndi ija yobwera yonse m'bokosi limodzi lotsekedwa, imene ambiri amalipira pang'onopang'ono pa foni, m'kati mwake nthawi zambiri mumakhala batire la lifiyamu. Limeneli limapirira kupungulidwa kuposa la mtovu ndipo simulitsegula. Za dzuwa, fumbi ndi mthunzi zimene ndikambe pansipa zikukukhudzani, koma likavuta pitani kumene munagula, musalimasule.

Masamu a nyumba ina ku Bangwe

Mayi wina wa ku Bangwe anandiitana m'mwezi wa Julayi. Nyumba yake ndi ya zipinda zitatu, sola yake yolembedwa 50W kumbuyo, batire lolembedwa 12V 40Ah, ndipo zonse zinali zisanathe chaka. Ndinapempha kope la mwana wa sukulu, tinakhala pakhonde n'kuyamba kuwerengera limodzi. Masamu ake ndi a kuchulukitsa basi, ndipo inunso mungawachite lero.

Chinthu chilichonse cha magetsi chimalembedwa nambala yotsatana ndi chilembo W. Amenewo ndi mawati, kutanthauza kuti chimadya mphamvu mwachangu bwanji. Mukachulukitsa mawati ndi maola amene chayaka, mumapeza mphamvu yonse imene chadya, ndipo muyeso wake amaulemba Wh. Babu la mawati 3 likayaka maola 5 ladya Wh 15.

Tinayamba ndi zokolola. Kuno ku Blantyre, tsiku lowala bwino, kuwala konse kwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo mukakuphatikiza kumafanana ndi maola pafupifupi 5 a dzuwa lamphamvu. Mawati 50 kuchulukitsa ndi 5 ndi 250. Koma si yonse imene imafika pababu. Ina imatayika m'nthambo, ina mu kontirola, ina m'batire momwemo, ndiponso sola ikatentha kwambiri pa malata imabereka mocheperako. Ndimachotsa pafupifupi magawo atatu mwa magawo khumi, ndiye tinalemba Wh 175 pa tsiku. Nkhokwe nayo tinaiyeza: 12 kuchulukitsa ndi 40 ndi Wh 480, koma popeza tikuloledwa theka lokha, zathu ndi 240. Kuti muone kuchepa kwake, yuniti imodzi ya magetsi a ESCOM ndi Wh 1000. Batire lonse lija, lolemera choncho, silisunga ngakhale theka la yuniti imodzi.

Kenako zodya. Mababu atatu a m'nyumba, lililonse mawati 3, maola 5: Wh 45. Babu la panja loyaka usiku wonse, maola 11: Wh 33. Mafoni atatu aakulu, iliyonse pafupifupi Wh 15 kuti idzaze: 45. Wailesi ya mawati 5, maola 4: Wh 20. Zonse pamodzi 143. Zokolola 175, zodya 143. Nyumba imeneyi inayenera kukhala pa mtendere.

"Mayi, palibenso china chimene mumalumikiza?" ndinafunsa.

Anakhala kaye chete, kenako anaitana mwana wawo wamwamuna, mnyamata wa ku sekondale. "Iwe, tawauza abambowa za kanema uja."

Kanemayo anali wa mawati 25, ndipo ankaonera maola 4 madzulo aliwonse. Ameneyo yekha ndi Wh 100, kuposa mababu onse anayi kuphatikiza. Zodya zinakwera kufika 243 pomwe zokolola zikadali 175. Taonani mmene zimayendera. Usiku woyamba batire latsika kufika theka. Masana dzuwa labweza 175, kutsala ngongole ya 68. Usiku wachiwiri likuyamba lisanadzaze, n'kutsika kupitirira theka. Masana ngongole yafika 136. Pofika usiku wachitatu kapena wachinayi kontirola ikudula magetsi mpira uli m'kati.

Mpaka pamenepa batire likanapulumuka, chifukwa kontirola inkaliteteza. Chimene chinalipha ndinachiona nditagwada kuseri kwa kabati: nthambo ziwiri zopota pa mitu ya batire, zolunjika ku kanema, zolambalala kontirola. Mnyamata uja anali ataona kuti akalumikiza choncho kanema amayakabe ngakhale mababu azime. Sanachite mwamwano, anangoona ngati wapeza nzeru. Koma kwa miyezi itatu batire linkapungulidwa mpaka pansi penipeni usiku uliwonse popanda woletsa. Titalitchaja tsiku lathunthu linatha kuyatsa mababu awiri kwa mphindi 40 zokha. Zinandipweteka kuwauza mayiwo kuti palibe mankhwala.

Ndiye lamulo limene ndimapempha nyumba iliyonse kuti ilisunge ndi ili: pa mitu ya batire pasalumikizidwe chilichonse chimene woika sola sanaike. Mababu, wailesi, foni, zonse zizidutsa pa kontirola, pa malo olembedwa LOAD kapena ojambulidwa babu. Mukafuna kanema, si tchimo, koma chitani masamu kaye. Kwa nyumba ija yankho linali sola ya mawati 100 ndi batire la 100Ah, kapena kuonera ola limodzi lokha pa tsiku lowala. Ayironi, ketulo ndi mbaula ya magetsi zimadya mawati 1000 kapena kuposa, ndipo pa sola ya msinkhu uwu musaziganizire n'komwe, ngakhale wina akugulitseni inveta, kabokosi kosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa ESCOM, n'kunena kuti zitheka. Invetayo nayonso imadya mphamvu ikangoyatsidwa, ngakhale musalumikizeko kanthu, choncho ngati muli nayo muziizimitsa mukamaliza.

Zimene kontirola ikukuuzani

Makontirola amasiyana, ndipo kapepala kobwera ndi yanu ndi kamene kali ndi mawu omaliza. Komabe ambiri amalankhula mofanana. Kagetsi ka pafupi ndi chithunzi cha sola, pena polembedwa PV, kakayaka masana ndiye kuti mphamvu ikulowa. Ka batire kakakhala kobiriwira zili bwino, kachikasu ndi chenjezo lakuti muchepetse, kofiira ndiye kuti latha. Zolowerani kuyang'ana kawiri pa tsiku: cha m'ma 10 koloko m'mawa kuti muone ngati ikutchaja, ndi madzulo musanayatse chilichonse.

Ngati yanu imaonetsa manambala a mavoti a batire, aja olembedwa ndi chilembo V, muli ndi mwayi, chifukwa nambala imanena zoona kuposa mitundu. Koma nthawi yoiwerenga ndi yofunika. Masana mudzaona 13.5 kapena 14.4, ndipo zimenezo zikungosonyeza kuti sola ikukankha moto, sizikunena kuti batire ladzaza. Werengani dzuwa litalowa, patapita ola limodzi, zonse zili zozima. Mukaona 12.6 kapena 12.7, ladzaza. Mukaona cha m'ma 12.2, lili pa theka, ndipo usiku umenewo ndi wosamala. Pansi pa 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Kusiyana kwa 12.7 ndi 12.2 kukuoneka kochepa pa maso, koma ndi theka la nkhokwe. Makontirola ambiri otsika mtengo amadikira mpaka cha m'ma 11 kuti adule, pamene batire lavutika kale. Ine ndimalangiza kuti musadikire kuti ikuzimitsireni. Zimitsani nokha mukaona 12.1.

Ikadula, siibweza magetsi nthawi yomweyo. Imadikira kuti batire likwerenso kufika cha m'ma 12.6, ndipo izi zingatenge mpaka masana a tsiku lotsatira. Musazule nthambo n'kubwezeretsa pofuna kuipusitsa. Chabwino koposa n'kulipatsa batire masiku awiri a dzuwa mukuyatsa babu limodzi lokha, kuti lidzaziretu. Batire la mtovu limafuna kufika podzaza penipeni kamodzi pa sabata ngakhale zitavuta bwanji.

Chiperoni

Aliyense wokhala mu Blantyre amachidziwa chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, pamene phiri la Soche ndi la Ndirande amabisika mu nkhungu, kamvula kowaza n'kumagwa masiku atatu osaleka. Masiku otere sola imabereka mwina gawo limodzi mwa magawo anayi a masiku onse, pena kucheperapo. Kwa sola ya mawati 50 ija ndi Wh 45 basi. Ngakhale popanda kanema, nyumba yodya 143 imafika pa theka la batire usiku wachiwiri. Mvula ya mfundefunde ya mu Januwale ndi Febuluwale imachitanso chimodzimodzi, ndipo amene analipo nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 akukumbukira masiku amene dzuwa silinaoneke n'komwe.

Cholakwika chimene ambiri timachita n'kuyamba kusamala magetsi atazima kale. Yambani tsiku loyamba lomwe mwadzuka kunja kuli mitambo. Mababu awiri kwa maola atatu ndi Wh 18, foni imodzi ndi 15, zonse 33, ndipo zikukwana m'zokolola za tsiku la chiperoni. Babu la panja ndi limene limavuta kusiya chifukwa cha akuba, ndikudziwa. Ngati simungalizimitse, siyani wailesi ndi mafoni enawo. Pa masiku owala, tchajani mafoni masana pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko, nthawi imene mphamvu ikuchokera padenga mwachindunji, m'malo mowasiya pa chaja usiku.

Padenga

Sola iyang'ane kumpoto. Ife tili kummwera kwa dziko lapansi, choncho miyezi yambiri ya chaka dzuwa la masana limadutsa chakumpoto kwathu, makamaka mu Juni pamene limatsika kwambiri mbali imeneyo. Ipendekeke pang'ono, madigiri 15 mpaka 20, pafupifupi mmene madenga ambiri a malata amapendekera. Kupendekako kumathandizanso kuti mvula izitsuka fumbi. Pakati pa sola ndi malata pakhale mpata wolowa dzanja kuti mphepo izidutsa, ndipo imangidwe ndi mabawuti pa chitsulo, osati kutsamiritsa ndi njerwa.

Mthunzi ndi mdani woposa mmene anthu amaganizira. Timagalasi ta mu sola tinalumikizidwa mondondozana ngati mikanda pa ulusi umodzi, ndiye kamodzi kakaphimbika kamatsekereza anzake. Tsamba limodzi la mango, chitosi cha nkhunda, kapena mthunzi wa mlongoti wa kanema zingadule mphamvu yochuluka kwambiri kuposa kukula kwa mthunziwo. Ku Chilomoni ndinapeza sola imene inkagwira bwino kuyambira Okutobala, koma itafika Meyi inayamba kulephera. Mtengo wa mapeyala wa aneba unali kumpoto kwa nyumba. M'chilimwe dzuwa linkadutsa pamutu, mthunzi n'kugwera pansi pa mtengo pomwepo, koma m'nyengo yozizira mthunzi unatalika n'kufika padenga. Tinangoisuntha mamita awiri. Choncho tulukani panja 9 koloko, 12 koloko ndi 3 koloko, muyang'ane ngati pali chimene chikuiphimba, ndipo mubwerezenso mu Juni.

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi ndi utsi wa moto wa tchire zimamata pagalasi. Pukutani kamodzi pa sabata ndi kansalu kofewa ndi madzi oyera, m'mamawa galasi lisanatenthe. Sopo wa ufa, mchenga ndi sitiluwulu zimakanda galasi. Musaiponde, ndipo malata akanyowa musakwere.

Pomwe batire limakhala

Likhale pa thabwa, pamalo ouma, ozizira, opita mphepo, kumene ana safikako. Kutentha kumafupikitsa moyo wake, choncho lisakhale padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Likamatchajidwa limatulutsa mpweya umene umayaka, makamaka la zotsekera zomasula, ndiye kandulo, fodya ndi machesi zisayandikire, ndipo musaliike m'chipinda chogona chotseka mawindo. Pamwamba pake musaikepo supuni, makiyi kapena sipanala. Chitsulo chikakhudza mitu iwiri nthawi imodzi chimafiira pa kanthawi kochepa ndipo chingayatse nyumba. Pa chifukwa chomwechi, pa nthambo yofiira pafupi ndi batire payenera kukhala fyuzi. Ikapsa, gulani ina ya nambala yomweyo. Kukulunga waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwake ndi kuchotsa mlonda yekhayo woletsa moto.

Ngati batire lanu lili ndi zotsekera zomasula pamwamba, tsegulani kamodzi pa mwezi. Madzi aziphimba zitsulo za m'kati. Akatsika onjezerani madzi a batire ogula m'sitolo za zida za galimoto, osati a pampopi kapena a pachitsime, ndipo musathiremo asidi, chifukwa chimene chimauluka ndi madzi okha, asidi amatsala momwemo. Akakudonthokerani pakhungu kapena m'maso tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, ndipo ngati ndi m'maso pitani kuchipatala. Batire lomata, lopanda zotsekera, silithiridwa kanthu. Mitu ikachita zoyera kapena zobiriwira, masulani, tsukani ndi madzi ofunda osungunuliramo soda, pukutani, mangani zolimba n'kupaka mafuta a vaselini pang'ono pamwamba.

Za batire la galimoto: limayatsa mababu ndithu, ndipo n'lotsika mtengo, koma linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa kamphindi polizitsa injini, kenako n'kudzazidwanso pompo. Pa sola, pomwe limatsika usiku uliwonse, limatha msanga. Funsani la sola.

Mukafuna kumasula kapena kusamuka

Anthu a lendi amasamuka, ndipo makontirola ambiri amapsa tsiku losamuka. Pali ndondomeko yake. Polumikiza, yambani ndi batire, kenako sola, pomaliza mababu. Kontirola imadzuka ndi moto wa batire, ndipo pamenepo ndi pomwe imadziwira kuti ikugwira ntchito ndi batire la 12V. Mukayamba ndi sola dzuwa likuwala, imalandira mavoti opitirira 20 popanda kowapititsa, ndipo ingasokonezeke kapena kupsa. Pomasula bwererani chambuyo: mababu, sola, batire pomaliza. Nthambo yofiira ipite pa chizindikiro cha +, yakuda pa −. Musanamasule chilichonse jambulani ndi foni mmene nthambo zakhalira, ndipo phimbani sola ndi katoni kapena chitenje chokhuthala.

Magetsi akavuta, musanaitane munthu

Babu limodzi likazima ena akuyaka, lisinthanitseni ndi lina loyaka. Likayaka kwinako, vuto ndi siwichi kapena nthambo ya chipindacho, imene makoswe amakonda kudya kudenga. Pogula lina onetsetsani kuti lalembedwa DC 12V, chifukwa mababu wamba a magetsi a ESCOM sayaka pa batire. Onse akazima pamodzi kontirola ili yofiira, batire latha, ndipo mankhwala ake ndi dzuwa ndi kudikira. Kontirola ikazimiratu osaonetsa kalikonse, onani fyuzi ndi mitu ya batire ngati yakhwefuka. Kagetsi ka sola kakapanda kuyaka masana dzuwa lili phwee, tsatirani nthambo yochokera padenga, makamaka pamene yadutsa m'mphepete mwa lata, chifukwa mphepo imaipekesa pamenepo mpaka kuduka.

Kuti mudziwe ngati batire lafa kapena likungosowa chakudya, pukutani sola, zimitsani zonse kwa masiku awiri owala, ndipo madzulo a tsiku lachiwiri yatsani mababu awiri okha mukuyang'ana nambala. Batire lamoyo limatsika pang'onopang'ono, n'kukhalabe pamwamba pa 12.3 patatha maola atatu. Lakufa limagwa pansi pa 12 ola lisanathe. Mukamva fungo ngati la dzira lowola, mukaona batire latupa m'mbali, kapena nthambo ikutentha moti simungaigwire, masulani mababu ndi sola, kenako batire, tsegulani mawindo, ndipo itanani wodziwa ntchitoyi.

Batire lakufa musalitaye kudzala kapena mu mtsinje wa Mudi, ndipo ana asaliphwanye kuti atenge mtovu, chifukwa mtovu ndi poizoni woononga ubongo wa mwana. Pitani nalo kwa ogulitsa mabatire, ambiri amalandira akale. Mayi a ku Bangwe aja anachita zomwezo. Anagula lina la 40Ah lomwelo poti ndalama ya lalikulu inali isanakwane, ndipo tsamba la masamu lija analimata pakhoma pamwamba pa kontirola. Mnyamata uja ndi amene anapatsidwa udindo wowerenga nambala madzulo aliwonse: ikakhala 12.6 kapena kuposa, kanema amayaka ola limodzi, ikakhala pansi pa pamenepo amakaonera mpira kwa anzake.